Za sikolashipu yako ija, werenga usanasiye kosi

Mwanawanga,

Kuno ku Mangochi tili bwino kupatula kutenthaku, usiku tikumagona pakhonde. Uthenga wako ndauona, akuti wagwa kosi imodzi ndiye semesita ikubwerayi ukufuna utenge makosi atatu okha kuti mutu upume. Usayerekeze kaye. Ndinakatulutsa pepala lija unasayina polandira sikolashipu, linali mu sutikesi ya bambo ako, ndipo zimene akufuna kuti akupitirizire ndalama ndi ziwiri, GPA isatsike pansi pa 3.0 komanso uzikhala ndi makirediti osachepera 12 semesita iliyonse.

Tiye tiwerengere limodzi, uphunzitsi sindinauyiwaletu ine. Makosi ako anali asanu, iliyonse makirediti 3. Unapeza A, B, B, C ndi F ija. A ndi 4, B ndi 3, C ndi 2, F ndi ziro, zonse pamodzi 12, kugawa ndi 5 ikutuluka 2.4. Wapelewera inde, koma pepalalo likuti koyamba sachotsa munthu, amakuyika pa pulobeshoni semesita imodzi ndalama zikubwerabe, ndiye pakutha pake amaona GPA ya masemesita awiri onsewo pamodzi. Kuti ifike 3.0 pa makosi khumi pakufunika 30, iwe uli ndi 12, kwatsala 18. Ndiye kuti ma A atatu ndi ma B awiri. Ndi phiri ndithu, sindikunamiza.

Tsono nzeru yako ya makosi atatuyo ndi imene yandisowetsa tulo. Atatu ndi makirediti 9, watsika pansi pa 12, ndipo pamenepo olo ukhoze onse ndi A wathyola lamulo lina lija, fizi akhoza kuyimitsa, bilu nkubwera kwa ife, ndalama ya usipa wa bambo akoyi ingalipire chani iwe? Anayi ndi 12 ndendende, koma ukadzangosiya imodzi pakati pa semesita wagwera momwemo.

Mawa lomwe upite ku ofesi yoona za sikolashipu ukafunse ngati ukabwereza kosi ija giredi yatsopano imafufuta F kapena amawerengera zonse ziwiri, masukulu amasiyana pamenepa. Ikamafufuta ndiye bola, B yokha ikukweza 12 uja kufika 15, yomwe ndi 3.0 pa makosi asanu aja. Akakuyankha uwapemphe akulembere, zapakamwa zimakanidwa.

Komanso malungo aja anakugoneka sabata ya mayeso usawabise ngati ndi manyazi, ukawatchule mu apilo yopempha a sikolashipu akuganizire, koma apilo imafuna umboni osati misozi. Buku lako la kuchipatala lili ndi deti ndi sitampa, ulijambule uphatikize ndi kalata yaifupi yonena chinachitika ndi chimene wakonza kuti zisabwereze. Apilo imakhala ndi tsiku lotsekera, ulifunse pomwepo undiuze.

Bambo ako sindinawauze, udzawauza wekha ukabwerako ku ofesiko. Bukulo ngati unalisiya kuno undiyimbire ndilitumize pa basi.

Ndine mayi ako.