Lipoti la maphunziro a kalembedwe ka masilaidi ophunzitsa mawu a akaunti

A Tcheyamani ndi anzanga nonse a m'gulu, ndabwerako ku maphunziro amene munandituma aja. Munandiuza kuti ndikaone momwe tingafotokozere mawu a akaunti pa foni kwa amayi ndi achinyamata a mabizinesi ang'onoang'ono amene timawathandiza kulemba mabuku. Njira imene tinaphunzira amaitcha karoselo: zithunzi zotsatizana zimene munthu amasuntha ndi chala, chithunzi chilichonse chili ndi liwu limodzi basi.

Za zipangizo sindichedwapo. Tinagwiritsa ntchito pulogalamu yokonzera zithunzi ya Canva, kukula kwa chithunzi 1080 x 1350. Instagram imalola zithunzi mpaka 20 nthawi imodzi, koma ife tinalekeza pa 8, ndipo zomwezo zimalowa bwino pa WhatsApp. Silaidi iliyonse ikhale ndi liwulo pamwamba, tanthauzo lake m'chiganizo chimodzi, kenako chitsanzo cha makwacha.

Chimene ndabwera nacho kwenikweni ndi ichi: masilaidi onse ayende ndi bizinesi imodzi, ndipo liwu lisatuluke pa silaidi lisanafotokozedwe m'mbuyomo. Ine poyamba ndinasanja mawu motsata alifabeti, chitsanzo china chokhudza filiji, china cha osoka zovala, china cha wogulitsa mandasi. Mphunzitsi anapereka foni yanga kwa mayi wina amene sanaphunzirepo akaunti. Atafika pa silaidi yachitatu anaima n'kufunsa kuti, "Achimwene, filiji ija yapita kuti?" Manyazi anandigwira, koma mayiyo ananena zoona. Iye amatsatira nkhani, ine ndimamupatsa mndandanda.

Titalembanso zinakhala chonchi. Mayi wa okala waika K300,000 yakeyake m'bizinesi, umenewo ndi mpamba, silaidi yoyamba. Wabwereka K200,000 ku banki m'khonde, yachiwiri. Pa K500,000 imeneyo wagula filiji ya K250,000 ndi katundu wogulitsa wa K200,000, m'kabati mwatsala K50,000. Zonsezi ndi chuma cha bizinesi, chimene a akaunti amati maaseti, silaidi yachitatu. Wowerenga amaona yekha kuti chuma cha bizinesi chikufanana ndi mpamba kuphatikiza zobwereka, tisanamuuze n'komwe kuti limeneli ndi lamulo. Ngati manambala a silaidi ina sakugwirizana ndi a inzake, dziwani kuti penapake talakwitsa, ndipo tiziwerengetsera tisanatumize.

Pamene tinakanganapo kwa nthawi yaitali ndi pa liwu loti ngongole. M'Chichewa liwuli ndi limodzi, koma m'mabuku muli zinthu ziwiri zosiyana kotheratu. K200,000 ya ku banki m'khonde ija ndi ngongole imene mayiyo ayenera kubweza. Nanga akagulitsa katundu amene anaoda pa K80,000 n'kupeza K120,000, koma K25,000 ya pamenepo ili kwa aphunzitsi amene atenga shuga kuti adzalipire kumapeto kwa mwezi? Nayonso timati ngongole, pomwe m'mabuku ili mbali ya chuma cha bizinesi. Ena ankafuna kuti ziwirizi zikhale pa silaidi imodzi kuti anthu aziyerekeza. Ine ndinakana, ndipo mpaka pano ndikukanabe, chifukwa amene akungoyamba kumene akaziona pansi pa mutu umodzi amazitenga ngati chinthu chimodzi. Tinazipatula: "ngongole zobweza" silaidi yake, "ndalama zathu zili kwa anthu" silaidi yakenso.

Chitsanzo chomwecho chinatipatsa masilaidi ena awiri popanda kuvutika. Zogulitsa ndi K120,000 ngakhale m'manja mwangolowa K95,000. Phindu lisanachotsedwe lendi ndi magetsi ndi K40,000. Mukudziwa nokha kuti ambiri amene timawayendera amawerenga ndalama za m'kabati n'kumati ndiye phindu, ndiye silaidi imeneyi ndikuifuna kwambiri.

Debiti ndi kirediti, mbali ziwiri za buku la akaunti, ndapempha kuti tisazilowetse m'karoselo yoyambayi. Anthu anazolowera uthenga wa ku banki wolembedwa `credited` ndalama zikalowa, pomwe m'buku la mwini bizinesi ndalama zolowa ku akaunti ya banki zimalembedwa mbali ya debiti. Banki imalemba moonera mbali yake, poti ndalamazo ikungotisungira ndipo iyenera kudzatibwezera. Zimenezi sizingakwane m'chiganizo chimodzi, zikufunika karoselo yakeyake.

Tsono ndikupempha zinthu ziwiri pa msonkhano wathu ukubwerawu. Tigwirizane mawu a Chichewa amene tizigwiritsa ntchito nthawi zonse, makamaka pa ngongole ziwiri zija, kuti wina asalembe zina mawa. Komanso a Msungichuma atipezere amayi atatu a banki m'khonde oti awerenge masilaidiwa pa mafoni awo ang'onoang'ono tisanawatulutse, chifukwa zilembo zimene zimaoneka bwino pa laputopu yanga zinali zosawerengeka pa foni. Masilaidi onse 8 ndibwera nawo, pamodzi ndi malisiti a thiransipoti.