Kwa ajambuli athu a ku Harare Gardens: bulauzi ya amayi yasanduka yotuwa, ndipatseni mafayilo a RAW

Achimwene, ndalemba pano poyera chifukwa pa WhatsApp ndakulemberani katatu, mwawerenga katatu, ndipo yankho lanu lomaliza linali loti "tazikonza, zili bwino tsopano." Sizili bwino. Dzina la situdiyo yanu sinditchula, mukudzidziwa nokha, ndipo abale a ku Mufakose amene anandilozera kwa inu akuwerenganso.

Loweruka lomaliza la Okutobala makolo anga ankakondwerera zaka 50 ali m'banja. Tinapangana kuti mutipeze ku Harare Gardens 9 koloko m'mawa, dzuwa lisanakwere. Inu munafika itadutsa 11 koloko, ndipo zithunzi zikuluzikulu munajambula cha m'ma 11:40. Aliyense wogwira kamera mumzinda muno akudziwa kuti mwezi umenewo, nthawi imeneyo, dzuwa limakhala paliwombo, chithunzithunzi cha munthu chili pansi pa mapazi ake. Mitengo ya jakaranda inali pomwepo ndi mthunzi wake. Amayi anakufunsani kuti, "Mwanangu, sitingaime pamthunzipo?" Inu munati kapinga wa pamtetete ndiye akukongola.

Amayi anavala bulauzi yoyera imene azakhali anapeta maluwa pamanja, ulusi woyera pansalu yoyera, n'kuitumiza pa basi kuchokera ku Ntcheu. Pachithunzi chimene tinkafuna kukulitsa n'kupachika pabalaza, maluwawo mulibe. Kuyambira paphewa mpaka pachifuwa pangoti mbee ngati pepala. Abambo ali ndi dazi, ndipo pamphumi pawo pali chigamba choyera chachikulu ngati chikhatho cha mwana. Nditadandaula munanditumizira china chimene munati mwakonza, ndipo chimenecho ndicho chandipweteka kwambiri. Bulauzi yasanduka yotuwa ngati yachapidwa ndi madzi aphulusa, maluwa sanabwerebe, ndipo chigamba cha pamphumi pa abambo chakhala chotuwa, chozunguliridwa ndi kamzere kofiirira, kuoneka ngati chipsera. Amayi anachiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, "Koma bambo ako alibe bala pamenepo."

Ine ndimagwira ntchito pamalo osindikizira makalendala ndi timabuku ta maliro ndi maukwati, choncho zithunzi ndimazitsegula tsiku lililonse ndipo ndikudziwa chimene munachita. Munatenga JPEG, n'kukokera Highlights mpaka kumapeto, basi. Ndinayeza ndekha mu Photoshop, pa bokosi la Info. Pachithunzi choyamba, paliponse pamene ndinaika muvi pachifuwa cha bulauzi panawerenga 255, 255, 255. Pachithunzi chokonzedwacho malo omwewo akuwerenga 214, 214, 214, osasintha ngakhale pang'ono kuchokera paphewa mpaka pabatani. JPEG imasunga mtundu uliwonse mwa itatu ija, wofiira, wobiriwira ndi wabuluu, pamasitepe oyambira 0 kulekezera 255. Zonse zitatu zikagunda 255, chithunzi sichidziwanso kuti apa panali ulusi, apa panali nsalu. Mukatsitsa kuwala pamalo otero mumangosandutsa choyera chopanda kanthu kukhala chotuwa chopanda kanthu. N'chifukwa chake ndikukana kuti mwakonza.

Chimene chinalakwika pa tsikulo ndachionanso. Chithunzi chimodzi munachitumiza ngati fayilo, osati ngati chithunzi wamba cha pa WhatsApp, choncho manambala a kamera anatsalamo: ISO 100, f/4, 1/640. Pali lamulo lakale limene ajambuli amaphunzira poyamba, loti padzuwa lathunthu ISO 100 imayenda ndi f/16 pa 1/100. Mukatsegula diso la kamera kufika pa f/4, liwiro liyenera kukwera kufika cha m'ma 1/1600. Inu munali pa 1/640, kutanthauza kuti munalowetsa kuwala kochuluka kawiri ndi theka kuposa koyenera. Ndikuganiza kuti kamera inaona suti yakuda ya abambo ndi mitengo yakuda kumbuyo n'kufuna kuziwalitsa, inu osaiwongolera. Mukanayatsa chenjezo lija lophethira pamalo opserera mukanaona bulauzi yonse ikuphethira, n'kutsitsa kuwala pomwepo. Nkhope ikada pang'ono imakwezeka pakompyuta. Choyera chikapsa ndiye vuto.

Tsono chimene ndikupempha ndi mafayilo a RAW, amene pamgwirizano wathu munanena kuti mumajambula. Sindikuwafuna mwamakani chabe. RAW imasunga zimene kamera inaona isanaziphike kukhala JPEG, ndipo makamera ambiri amasunga masitepe 4,096 kapena 16,384 pamtundu uliwonse m'malo mwa 256. Kawirikawiri pamwamba pa pamene JPEG inadulira pamatsalako kanthu. Komanso mitundu itatu ija siidzaza nthawi imodzi. Wina ukadzaza koma wina n'kutsala, pulogalamu imatha kugwiritsa ntchito wotsalawo kubwezeretsa maonekedwe a ulusi. Pansalu yoyera zimenezi zimathandiza kwambiri chifukwa mtundu wake tikuudziwa kale, chimene tikufuna ndi mizere ya maluwa basi.

Kuyesa kwake sikutenga mphindi zisanu, ndipo mukhoza kuchita ine ndili pambali panu. Tsegulani RAW mu Lightroom, dinani J kuti malo opserera aoneke ofiira, kenako tsitsani Exposure kufika pa -2. Chithunzi chonse chida, musadandaule nazo, ingoyang'anani bulauzi. Maluwa akatulukira ndiye kuti alimo. Pakangokhala potuwa mosalala ngati pachithunzi chanu chija, ndiye kuti pamenepo anapita. Mukagwira Alt uku mukukoka Whites, sikirini imada n'kusiya malo odulidwa okha: oyera ndi pamene mitundu yonse itatu yadzaza, amitundumitundu ndi pamene umodzi kapena iwiri yokha yadzaza. Mukatero bwezerani Exposure pamalo pake kuti nkhope za makolo anga zisade, ndipo bulauzi muikonze payokha ndi Masking. Sankhani nsaluyo, chitani Intersect ndi Luminance Range kuti mugwire mbali zake zowala zokha, tsitsani Exposure pang'onopang'ono, Highlights pang'ono, Texture kakwezeni kuti ulusi uoneke. Polekezera ndi pamene maluwa ayamba kuoneka koma nsalu ikadali yoyera, manambala a pansi pa Histogram ali cha m'ma 90 mpaka 95 peresenti. Mukapitirira mwabwerera ku phulusa lija.

Sindikudzinamiza kuti zonse zibwerera. Kuwala kunapyola kwambiri, ndipo paphewa, pamene dzuwa linagunda molunjika, ndikuyembekezera kuti ngakhale RAW idzakhala yopanda kanthu. Koma ndikukumbukira kuti munajambula amayi atakhala pabenchi pansi pa mtengo akupuma. Chithunzi chimenecho simunatipatse. Pamenepo maluwa a paphewa ayenera kuti akuoneka bwino, ndipo akhoza kutengedwa n'kuikidwa pamalo otayikawo, kuwala kwake n'kufananitsidwa. Ndi bulauzi yomweyo, tsiku lomwelo, manja a azakhali omwewo. Chimene sindikufuna n'choti mupeke maluwa ena amene azakhali sanapete.

Mphumi ya abambo ndi nkhani ina, ndipo apa ndi pamene munandikhumudwitsa monga munthu wantchito. Kunyezimira kwa pamphumi si khungu lowala ayi. Ndi dzuwa lenilenilo likudzionetsa pathukuta ndi mafuta, monga limachitira pagalasi la galimoto. N'chifukwa chake pakati pake palibe mtundu wa khungu woti mungaubweze ndi Highlights. Pakati ndinapeza 255 zonse zitatu. Cha m'mphepete ndinapeza 255, 236, 219, kusonyeza kuti wofiira yekha ndiye anadzaza, monga zimakhalira pakhungu la munthu. Patsaya, pamene khungu linatuluka bwino, pali 128, 86, 66. Mutakoka zonse pamodzi, pakati panatuwa, m'mphepete munasunga kufiirira, ndipo chipsera chimene amayi anaona chinabadwa choncho.

Malo otero amapakidwa, ndipo amafuna dzanja lofatsa. Mu Photoshop tsegulani Layer yatsopano yopanda kanthu, muiike pa Darken. Tengani mtundu wa khungu pafupi ndi chigambacho, pamene mphumi ili yowala koma yosapsa, osati wa patsaya chifukwa umenewo ndi wakuda kwambiri. Pakani ndi burashi yofewa, Opacity cha m'ma 10, mobwerezabwereza, mukutenga mtundu watsopano pamene mukusuntha chifukwa mphumi si mtundu umodzi. Pakakhala posalala ngati pulasitiki, bwerekani timabowo ta khungu kuchokera pambali ndi Healing Brush. Ndipo musafafanize kunyezimira konse. Abambo anga ndi munthu wa dazi amene anaima padzuwa, mutu wawo uyenera kuwala ndithu, kungoti pang'ono, kuti uoneke wozungulira. Mukachotsa konse amaoneka ngati awapaka dothi, ndipo adzukulu sangawazindikire. Ntchito yonseyi pachithunzi chimodzi ingatenge theka la ola. Pa tsikulo ikanatenga kampango kopukutira thukuta ndi mapazi khumi kupita pamthunzi.

Tinakulipirani madola 180 onse tisanaone chithunzi ngakhale chimodzi, chifukwa anatiuza kuti ndinu mwana wakwathu. Sindikupempha kuti mubweze ndalamazo, ndipo sindikupempha kuti mukonze zithunzi zonse 140. Ndikufuna zitatu: cha awiriwo atagwirana manja, cha amayi okha, ndi cha banja lonse. Ndipatseni RAW ya zitatuzo pamodzi ndi ya pabenchi ija, ndibwera ndi fulashi yanga ku situdiyo kwanu, kapena mukonze nokha monga ndafotokozera n'kundionetsa ndisanasindikize. Ngati simunajambule RAW, kapena munafufuta khadi, ndiuzeni zoona lero, kuti ndidziwe kuti bulauziyo tiyenera kuijambulanso. Kujambulanso kwake si kophweka monga mungaganizire. Azakhali anabwerera kale ku Ntcheu, mlongo wanga ali ku Joni, ndipo abambo miyendo ikuwavuta moti kuwakweza kombi kupita m'tauni ndi ulendo wokonzekera sabata yathunthu.

Felemu tinagula kale, ili kuseri kwa kabati, ndipo amayi amandifunsa Lamulungu lililonse tikachoka kutchalitchi. Ndidikira yankho lanu mpaka Lachisanu madzulo, pano kapena pafoni, nambala yanga muli nayo.