Kalata kwa Makolo Potseka Chigawo Choyamba

Okondedwa makolo ndi olera ana,

Landirani moni wochokera kusukulu yanu kuno ku Angonia. Tikuthokoza komiti ya sukulu pokonza denga la kalasi limodzi, atsikana athu popambana mpira wamanja, ndi inu nonse amene munabwera kudzalambula pabwalo.

Koma pali nkhani yomwe yandiwawa mtima. Mvula itakula, ana akutsidya kwa mtsinje ankajomba, ndiye tinalola aphunzitsi kujambula mawu a phunziro pafoni ndi kuwatumizira. Ana ena anagwiritsa ntchito pulogalamu ya pafoni yosandutsa mawuwo kukhala zolembedwa, anakachita fotokope mtauni ya Ulongwe ndi ndalama zanu, n'kuyamba kuloweza mulu wonsewo. Pamayeso a Biyolojiya ambiri sanafike 10 mwa 20.

Ndinawerenga ndekha mapepalawo. Phunziro linali la kugawikana kwa maselo, ndipo m'malo angapo pomwe aphunzitsi ananena `meiose`, foni inalemba `mitose`. Izi n'zosiyana: yoyambayo imatulutsa maselo 4 okhala ndi makolomozomu 23 lililonse mwa munthu, pamene inayo imatulutsa maselo 2 okhala ndi 46. Ana analoweza zolakwikazo osadziwa. Penanso panangolembedwa kuti "onani apa", chifukwa chojambula cha pabolodi foni siichimva.

Kuyambira chigawo chamawa, mphunzitsi sadzalandiranso mapepala oterowo ngati manotsi. Mwana ayambe wawerenga zolembedwazo buku la sukulu lili pambali, afafanize malonje ndi zobwerezabwereza, akonze mawu aliwonse osagwirizana ndi buku. Pomwe aphunzitsi asintha nkhani, pamenepo aike mutu. Pansi pa mutu uliwonse alembe mfundo ziwiri kapena zitatu m'mawu akeake, ndi cholembera m'kope, ndipo chojambula akakopere kwa mnzake yemwe analipo. Phunziro la mphindi 45 likwane tsamba limodzi. Likapitirira kwambiri, ndiye kuti mwanayo akungokopera, sanasankhe chofunika.

Kuseri kwa tsambalo alembe mafunso odziyesa nawo, monga lakuti, "N'chifukwa chiyani dzira la mayi lili ndi makolomozomu 23, osati 46?" Funso longoyankha inde kapena ayi silithandiza. Ayankhe mawa lake kope atatseka, chifukwa tsiku lomwelo mawu amakhala akadali m'makutu ndipo mwana amadzinamiza kuti wamvetsa.

Makolo anzanga, chonde tigwirane manja. Ngakhale Chipwitikizi simuchidziwa, mutha kumuuza mwana atseke kope akufotokozereni phunzirolo m'chinenero chathu. Akamangobwereza ziganizo za Chipwitikizi osatha kumasulira, abwerere kubuku. Ndipo musaperekenso ndalama ya fotokope musanaone tsamba lolemba yekha.

Zotsatira za mayeso mudzatenge nokha Lachisanu m'mawa, ndipo tsiku lotsegulira tidzakuuzani pomwepo.

Ine wanu,
Mphunzitsi Wamkulu