Lipoti la msonkhano wokambirana mawu obwereka amene amasokoneza odwala ndi achipatala

Apampando ndi mamembala onse a gulu lathu losamalira odwala kumudzi, ndikupereka lipoti la msonkhano umene munandituma kuboma sabata yatha. Kunabwera anamwino, alangizi a zaumoyo, ogwira ntchito pawindo lopereka mankhwala, ndi ife odzipereka ochokera m'magulu osiyanasiyana. Nkhani yake inali ya mawu amene tinabwereka ku Chingerezi, amene atalowa m'Chichewa anasintha tanthauzo, moti wachipatala ndi wodwala amatchula liwu limodzi koma aliyense akuganiza zake. Mawu anatchulidwa ambiri, koma ine ndasankha amene timakumana nawo m'makomo mwa odwala athu.

Liwu limene linatenga pafupifupi m'mawa wonse ndi lakuti dozi. Kwa munthu amene anaphunzira zachipatala m'Chingerezi, dozi ndi mankhwala amene munthu amamwa pa nthawi imodzi. Kwa ife kumudzi, dozi ndi mankhwala onse amene walandira pa matendawo, ndipo n'chifukwa chake timati "ndamaliza dozi" kapena "sanamalize dozi". Kusiyanaku kumaonekera bwino pa mankhwala a malungo a LA, amene dziko lathu linayamba kugwiritsa ntchito mu 2007 m'malo mwa Fansida. LA amamwedwa kasanu n'kamodzi pa masiku atatu: koyamba pomwe walandira, kachiwiri pakatha maola 8, kenako m'mawa ndi madzulo kwa masiku awiri otsatirawo. Wamkulu wolemera makilogalamu 35 kapena kuposerapo amamwa mapilitsi anayi nthawi iliyonse, onse pamodzi 24. Choncho paketi imene wachipatala amaiwerenga kuti madozi asanu n'imodzi, wodwala amaiwerenga kuti dozi imodzi.

Namwino wina anafotokoza zimene zinamuchitikira, ndipo ndikuzibwereza chifukwa zikuonetsa pamene vuto limalowera. Mayi anabwera ndi mwana wa makilogalamu 12 amene thupi linali lisanasiye kutentha ngakhale anali atalandira LA masiku anayi m'mbuyomo. Mwana wa sikelo imeneyo amamwa pilitsi limodzi nthawi iliyonse, onse pamodzi asanu n'limodzi. Namwinoyo anafunsa kuti, "Mwana wamwa madozi angati?" Mayiyo anayankha kuti, "Imodzi." Namwino anamva kuti mwana anangomwa pilitsi loyamba n'kulekera pomwepo, ndipo anayamba kuwadzudzula mayiwo, akukonzekera kuti mwanayo ayambirenso mankhwala omwewo. Mayiwo, atakhumudwa, anamasula kansalu n'kutulutsa kapaketi kopanda kanthu, mabowo onse asanu n'limodzi ataboola. Mwana anali atamaliza mankhwala onse. Apa nkhani inasinthiratu, chifukwa mwana amene wamwa LA yense koma akutenthabe thupi amafunika kumuyezanso bwino, magazi ake aonedwe pa makina oonera tizilombo, ndiponso afufuzidwe ngati alibe chibayo kapena matenda ena. Kumupatsanso paketi ina kukanangochedwetsa thandizo loyenera.

Wopereka mankhwala wina anawonjezera kuti liwu lomweli limasokoneza pa nkhani ya kusanza. Mwana akasanza atangomwa kumene, kholo limauzidwa kuti "mubwereze dozi". Ena amamva bwino n'kupereka pilitsi lina, koma sabwerera kuchipatala kukatenga lolowa m'malo, motero la tsiku lomaliza limaperewera. Ena amamva kuti ayenera kuyambiranso paketi yonse. Pamapeto pake tinagwirizana kuti liwu lakuti dozi tisamalidalire pofunsa kapena polangiza. Tizifunsa kuti wamwa mapilitsi angati, kangati pa tsiku, kwa masiku angati, ndipo ngati n'kotheka tizipempha kuona paketi n'kuwerenga mabowo. Kwa ine, mfundo imeneyi yokha inakwanira ndalama ya ulendo imene munandipatsa.

Liwu lachiwiri ndi shuga. Ife timatchula shuga wothira mu tiyi, shuga wa m'magazi ndi matenda enieniwo ndi dzina limodzi, ndiye wodwala akauzidwa kuti "muli ndi shuga, musiye shuga", amasiya wa mu tiyi n'kumaganiza kuti wathana nazo, pamene mitanda ya nsima ya ufa woyera, mpunga ndi buledi akudya monga kale, osadziwa kuti zimenezi thupi limazisandutsa shuga. Choopsa kwambiri ndi mbali inayo. Munthu amene amabaya jakisoni wa insulini kapena kumwa mapilitsi ena otsitsa shuga, akadumphitsa chakudya, shuga wa m'magazi akhoza kutsika kwambiri. Amatuluka thukuta, amanjenjemera, amamva njala yadzaoneni, ndipo nthawi zina amayankhula zosokonekera ngati waledzera. Mankhwala ake pa nthawi imeneyo ndi shuga yemweyo, masupuni aang'ono atatu kapena anayi osungunula m'madzi, kenako chakudya. Koma achibale amakana, amvekere, "Adokotala analetsa shuga." Tinachenjezedwa kuti zimenezi n'za munthu amene ali maso ndipo akutha kumeza. Amene wakomoka asamwetsedwe kanthu, koma agonekedwe chammbali n'kuthamangira naye kuchipatala.

Pa bipi panali kusagwirizana pang'ono. Kwa achipatala, aliyense wamoyo ali ndi bipi, ndipo imakhala vuto ikamapezeka mobwerezabwereza pa 140/90 kapena kuposa. Kwa ife, "ndili ndi bipi" ndi dzina la matenda, ndiye munthu akayezedwa n'kuuzidwa kuti "lero bipi ili bwino", amapita kunyumba akuti bipi yatha ndipo amasiya mankhwala, pamene yatsika chifukwa cha mankhwala omwewo. Ena anati tizingonena kuti kuthamanga kwa magazi. Mlangizi wina anatsutsa, ndipo ine ndinagwirizana naye, kuti mawu a Chichewawa nawonso ali ndi msampha wake, chifukwa munthu amadikira kuti amve mtima ukugunda mothamanga, pamene matendawa nthawi zambiri samveka n'komwe m'thupi. Sitinasankhe liwu limodzi. Tinangogwirizana kuti wodwala aziuzidwa nambala zake ziwirizo, zilembedwe m'buku lake lakuchipatala, ndipo aziuzidwa momveka kuti apitirize kumwa mankhwala ngakhale nambala zili bwino.

Liwu lakuti pozitivu tinalidutsa mwachangu. Ambiri analizolowera pa nkhani ya kachilombo koyambitsa Edzi, monganso mmene "kuyezetsa magazi" kumamvekera, kotero kuti mayi akauzidwa kuti mwana wake ali pozitivu pa kachipangizo koyezera malungo, akhoza kutuluka ali ndi mantha a chinthu china osafunsa. Njira yake ndi kutchula matendawo: "Tapeza malungo m'magazi a mwana," kapena "Malungo sitinawapeze."

Kwa gulu lathu ndikupempha zinthu ziwiri. Choyamba, tikamayendera wodwala tizimupempha kuti atifotokozere m'mawu ake mmene akumwera mankhwala, m'malo momufunsa kuti "mwamva?", chifukwa funso limenelo aliyense waulemu amaliyankha kuti inde. Chachiwiri, pa fomu yathu yoyendera odwala pali mzere wakuti "Wamaliza dozi?" Ndikupempha kuti pa msonkhano wathu wotsatira tiusinthe ukhale wofunsa chiwerengero cha mapilitsi amene wodwala analandira ndi amene atsala. Okonza msonkhano apemphanso gulu lililonse kuti lilembe mawu ena otere amene likuwamva m'dera lake, ndipo ndikupempha alembi kuti atsegule tsamba la zimenezi m'kope lathu. Ine ndalembapo kale awiri: makapisozi, amene anthu amatchulira mankhwala aliwonse a m'tizibotolo ta mitundu iwiri ngati kuti onse ndi amodzi, ndi jakisoni, amene mayi akati "ndili pa jakisoni" nthawi zambiri amatanthauza wolera.