Lipoti la zomwe tinakakambirana ku khonsolo pa kalata ya ulendo wathu wa ndawala

A tcheyamani, akomiti ndi mamembala nonse a gulu lathu lothandiza sukulu,

Munatituma anthu awiri, ine ndi mayi msungichuma, kuti tikamve za kalata yomwe tinalembera khonsolo ya mzinda wa Blantyre mu Epulo, yopempha chilolezo chochita ulendo wa ndawala wopezera ndalama za madesiki. Tinapitadi ku Civic Centre ku Chichiri Lachiwiri lapitali, ndipo tinakhala pansi ndi akuluakulu awiri a khonsolo komanso wapolisi mmodzi wa zapamsewu. Sanatikanize ulendowo. Koma kalata ija singagwire ntchito momwe ilili, ndipo cholakwa ndi chathu. Ndinailemba ndine, choncho ndikufotokozerani mosabisa.

Kalata yathu inali ya masamba awiri. Tsamba loyamba lonse linali mbiri ya gulu ndi mavuto a ana okhala pansi m'kalasi. Zimenezo n'zoona ndipo zimatipweteka tonse, koma munthu amene amalandira kalata yotere amafuna kudziwa zina: tsiku, nthawi, msewu, chiwerengero cha anthu, ndi munthu amene adzayankhe zinthu zikalakwika. Ife tinangolemba kuti tidzayenda "m'tauni, Loweruka lina mu Juni". Tinalemberanso a meya, pomwe kalata ya ntchito ngati iyi imapita kwa mkulu woyendetsa ntchito za khonsolo. Pa envulopu pazikhala `The Chief Executive Officer, Blantyre City Council`.

Chachikulu chomwe ndabwera nacho n'chakuti tinasakaniza zinthu ziwiri m'kalata imodzi, ndipo chilichonse chili ndi nthawi yake.

Choyamba ndi pempho la malo. Tikufuna kukathera ulendo ku Njamba, komwe kudzakhale zolankhula ndi makwaya. Pakiyo ndi ya khonsolo, ndiye apa tikupemphadi, ndipo akhoza kutiuza kuti tsikulo ena anatenga kale. Kalata imeneyi ikapita msanga m'pamene zimakhala bwino. Amene munanena kuti tikathere ku Kamuzu Stadium dziwani kuti bwalo limene lija ndi la boma, khonsolo singatipatse malo omwe si ake.

Chachiwiri ndi chidziwitso cha kuyenda pamsewu. Ufulu wosonkhana mwamtendere uli m'gawo 38 la malamulo aakulu a dziko lino, koma kayendetsedwe kake kali m'lamulo la apolisi la 2010. Gawo 96 la lamuloli limati wokonza msonkhano kapena ulendo wa pagulu apereke chidziwitso cholemba maola osachepera 48 tsikulo lisanafike, komanso masiku osapitirira 14, ndipo kope lipite kwa mkulu wa polisi ya deralo. Anthu ambiri amangokumbukira maola 48, kuiwala masiku 14. Kalata yathu ya mu Epulo inafulumira kwambiri moti singawerengedwe ngati chidziwitso cha ulendo wa mu Juni.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Tagwirizana za Loweruka pa 20 Juni, kunyamuka 7 koloko m'mawa. Tikabwerera masiku 14 tikufika Loweruka pa 6 Juni. Tikabwerera maola 48 tikufika Lachinayi pa 18 Juni, 7 koloko m'mawa. Chidziwitso chiyenera kufika pakati pa masiku awiriwa. Ine ndikuti chipite Lolemba pa 8 Juni, maofesi atangotsegula. Kudikira mpaka pa 17 sikuphwanya lamulo ayi, koma akatiitana kukakambirana n'kusintha njira, tidzawauza nthawi yanji anthu 300?

Chiwerengero chimenechi tinachedwa nacho pa zokambirana. Ndinayamba ndanena kuti tikuyembekeza anthu 1,000, poganiza kuti nambala yaikulu ipatsa ulemu pempho lathu. Wapolisi uja anandifunsa kuti tili ndi anthu angati osungitsa bata, ndipo nditati khumi, anatifotokozera kuti iwo amagwiritsa ntchito nambala yomwe talembayo poganizira apolisi oti atumize ndi mbali ya msewu yoti atipatse. Tikakweza nambala, tidzafunsidwa zinthu zomwe sitingakwanitse. Tikaitsitsa dala, anthu adzasefukira mumsewu popanda wowateteza ku magalimoto. Mayi msungichuma anatsegula kaundula: mamembala 120, makwaya anayi, aphunzitsi ndi makolo. Tinapeza pafupifupi 300, ndipo tinalonjeza osungitsa bata 20, ndiye kuti mmodzi pa anthu 15 alionse. Tikufuna mayina awo, ndipo adzavale zowazindikiritsa.

Ndime yomwe ndalemba kumene, yoti ilowe m'malo mwa tsamba la mbiri lija, ikunena izi:

"Tikukudziwitsani kuti Loweruka pa 20 Juni gulu lathu lidzachita ulendo wa ndawala wopezera ndalama zogulira madesiki a sukulu ya pulayimale. Tidzasonkhana 6:30 m'mawa, kunyamuka 7 koloko pa Clock Tower, kutsata msewu wa Masauko Chipembere kudzera pa Ginnery Corner ndi Chichiri, n'kukathera ku Njamba, komwe tidzabalalike 12 koloko masana. Tikuyembekeza anthu 300, osungitsa bata 20 ndi galimoto imodzi ya zokuzira mawu."

Kalata yeniyeniyo idzalembedwa m'Chingerezi, pa pepala la gulu, ndi chidindo chathu. Koma ndimeyi ili ndi mpata umodzi: kuchokera ku Chichiri kukafika ku Njamba sitinatchule misewu. Lamulo limafuna njira yonse, ndipo pali chifukwa china chosamalira. Ku Chichiri kuli khothi lalikulu, ndipo lamulo lomwe lija limaletsa kusonkhana pa mtunda wosakwana mamita 100 kuchokera pa khothi, nyumba ya malamulo kapena nyumba ya boma popanda chilolezo chapadera. Ndikupempha anyamata awiri akayende njirayi wapansi sabata ino, alembe dzina la msewu uliwonse ndi pokhota paliponse, ayesenso nthawi yomwe itenge poyenda ngati muli ndi azimayi achikulire ndi ana.

Nkhani ina sindingaimalize ndekha. Chidziwitso chimafuna dzina la wokonza ulendo ndi la wachiwiri wake, ndi pomwe angapezeke. Kumeneku si kungodzaza mzere. Lamulo limalola kuti okonza afunsidwe mlandu wa katundu amene wawonongeka pa ulendo wawo ngati sanachite zoyenera kuti apewe zimenezo. Choncho tisangolemba dzina la munthu chifukwa ndi wamkulu pagulu. Akhale munthu amene adzakhalepo kuyambira pa Clock Tower mpaka womaliza atachoka ku Njamba, foni yake ili yoyatsa. Ine ndikudzipereka kukhala wachiwiri, koma wokonza asankhidwe ndi komiti.

Pa za ku Njamba anatifunsa za zinyalala, zimbudzi ndi phokoso. Tinayankha kuti tidzabwera ndi matumba, tidzasesa tisanachoke, ndipo zokuzira mawu zidzazimitsidwa 12 koloko. Zimenezi zilowe m'kalata yopempha malo, chifukwa zomwe tanena pakamwa sizikhala m'faelo. Ndalama ya malo tidzaidziwa akatiyankha polemba, ndipo idzalipidwa ku ofesi yolandirira ndalama, lisiti n'kusungidwa ndi mayi msungichuma.

Wopita ndi makalata atenge makope atatu a kalata iliyonse, ndipo asachoke pa ofesi kope lathu lisanadindidwe tsiku lomwe alandira. Kalata ya mu Epulo ndinangoisiya pa tebulo la alendo osadinditsa, moti Lachiwiri ndinalibe chilichonse chosonyeza tsiku lomwe inafika. Pa 20 Juni kope lodindidwalo ndi yankho la khonsolo zidzakhale m'thumba la wokonza ulendo.

Ndikupempha kuti pa msonkhano wa Lamlungu tisankhe wokonza, tilembe mayina 20 aja, ndipo a tcheyamani asayine kalata yopempha malo kuti ndikaipereke Lolemba m'mawa.

Ine wanu,
Mlembi wa gulu