Mphatso, usalipire kaye galimotoyo

Mnzanga Mphatso,

Kalata yako yafika dzulo, ndipo ndikuyankha usiku uno chifukwa cha mzere umodzi wokha. Wati ukufuna kuwagulira Bambo ako galimoto yaikulu, yaitali, kuti azikhala mwamtendere popita kuchipatala. Chonde usalipire kaye. Ndimakudziwa iwe, chinthu chikakukomera m'maso sumvanso za munthu, unali choncho kuyambira tili pasukulu. Imva kaye zimene taona ife ndi Amayi pa miyezi inayi yapitayi.

Paja ukudziwa kuti anawachita opaleshoni ya nyonga ya kumanzere. Tsiku lotuluka m'chipatala ndinakawatenga pa galimoto yanga ija yaifupi. Kulowa analowa, ngakhale kunali ngati kugwera m'dzenje. Vuto linabuka titafika pakhomo. Mpando uli pansi, mawondo akwera kuposa chiuno, pamene adokotala a mafizo anali atangotiuza kumene kuti nyongayo isapindike kupyola madigiri 90, ndiye kuti mawondo asakwere kuposa chiuno. Anayesa kudzuka katatu, osatheka. Ndinawagwira m'khwapa n'kuwakoka, iwo n'kulira. Pambuyo pake a mafizo anandidzudzula kuti munthu wachikulire sakokedwa m'khwapa, phewa limatha kuvulala. Chiyambire tsiku limenelo Amayi anayamba kukana maulendo. Ankati atopa, koma ine ndinadziwa kuti akuopa potsika.

Achimwene a Limbani atamva, anabwera ndi yawo ija yaikulu, mtundu womwewo ukuufunawo, akuti vuto latha. Amayi ndi aafupi, masentimita 155 basi. Mpando wa galimotoyo uli masentimita 80 kuchokera pansi. Kuti akhalepo anayenera kuponda kaye pachopondera chija cha m'mbali, thupi lonse litatsamira mwendo umodzi, kenako kutembenuka ali m'mwamba momwemo. Potsika miyendo inangolendewera, anachita kutsetsereka, ndipo phazi loyamba kugunda pansi linali la mwendo wa opaleshoni. Achimwene sanayankhulenso.

Apa m'pamene ndinagula tepi yoyezera, ndipo tsopano ndimayenda nayo m'thumba kulikonse. Uyambe wayeza Bambo, galimoto pambuyo. Aimirire atavala nsapato zimene amayendera, uyeze kuchokera pansi kufika pakati pa ntchafu kumbuyo, kenako kufika pamene ntchafu yathera kumtunda, m'munsi mwa matako. Mpando woyenera umagwera pakati pa miyezo iwiriyi. Munthu akauyandikira chafutambuyo amangokhalapo osagwa, ndipo akatulutsa miyendo mapazi amaponda pansi onse awiri, n'kudzuka ngati pampando wa patebulo. Kwa Amayi zinatuluka masentimita 55 mpaka 65. Ya ine inali 47, ya achimwene 80. Mpandowo uyeze pampheto ya kuchitseko, munthu atakhalapo, chifukwa siponji imabonyezeka.

Koma chimene chikundisowetsa tulo si mpando ayi. Ndi kachitunda kaja ka m'munsi mwa khomo, pamene chitseko chimatsekera. Sindinakaonepo moyo wanga wonse, lero ndikuona komweko basi. Ndikadutsa pamene paimikidwa magalimoto, wina akangotsegula chitseko maso anga ali pansipo. Tadala akuti ndayamba kuyang'ana anthu kumapazi. M'magalimoto ambiri aafupi, pamene umaika mapazi ndi polowa kuposa kachitundako, ngati beseni. M'galimoto yanga kusiyanako ndi masentimita 12. Kwa iwe ndi ine si kanthu. Kwa munthu amene mwendo wake sunyamuka, masentimita 12 amenewo ndi khoma, ndipo ayenera kulidumpha ali chikhalire, mwendo atautembenuza. Amayi ankachita kugwira ntchafu ndi manja awiri n'kuinyamula okha. Ndiye kachitundako kakakhalanso kotakata, phazi limakatera kutali ndi mpando, munthu n'kumadzuka atatambalala, msana wa mwendo ukukhula chitsulo. Khungu la okalamba silichedwa kusupuka. Amayi ali ndi kabala pakatumba kamene katenga masabata atatu kuti kapole, ndipo kanachokera pomwepo.

Ndikuuza izi chifukwa Bambo ako mwendo wa kumanja uja sitiroko inaufooketsa, phazi limakokera pansi. Kwa iwo kachitunda kameneka n'kofunika kuposa injini, kuposa mtundu, kuposa zonse walemba m'kalatamu. Funa galimoto imene pansi pake m'pathyathyathya, mwakuti phazi likhoza kungokhwekhwerezedwa mpaka kutuluka. Alipo magalimoto amene anawapanga poganizira zimenezi. Toyota Porte, mwachitsanzo, ili ndi chitseko chimodzi chachikulu chokoka ngati cha minibasi kumbali ya wokwera, ndipo pansi pake ndi posalala, pafupifupi masentimita 30 kuchokera pa msewu. Kampani yomweyo ili ndi ena otchedwa Welcab, ena mwa iwo mpando umatembenukira kukhomo. Sindikuti ugule amenewa. Ndikuti uone imodzi ndi maso, udziwe kuti khomo losavutitsa munthu limaoneka bwanji, kenako uyerekeze ndi yako yonyezimirayo.

Iii, ndikanaiwala, Thoko wachira, mwana wamkazi, onse ali bwino. Ndidzakulembera bwino za iwo.

Tibwerere kukhomo. Pamwamba pakenso pamafunika tepi. Magalimoto ambiri atsopano denga limatsetsereka kuti azioneka okongola, ndiye wolowa ayenera kupinda khosi ndi msana nthawi imodzi pamene akukhala. Bambo ako ndi aatali, ndipo ndikukumbuka mmene anawerama pomwe ndinawaona komaliza. Uyeze kuchokera pamwamba pa mpando kufika pamwamba pa khomo, uyerekeze ndi msinkhu wawo ali chikhalire. Akamachita kuzinda mutu kuti alowe, tsiku lina adzaugunda. Chitseko nachonso uchitsegule mpaka pamapeto, uone ngati chikusiya malo oti munthu wachiwiri aimepo n'kuthandiza, ndiponso ngati chimaima chokha osabwerera. Magalimoto a zitseko ziwiri aja khomo lake n'lalikulu inde, koma chitsekocho n'chachitali ndiponso cholemera. Pamalo opanikizana sichitseguka mokwanira, ndipo chikatseguka chonse munthu atakhala pansi sachifikira kuti atseke.

Tinalakwitsanso china. Tinkaganiza kuti kumbuyo ndiko kwa ulemu, ndiye tinkawaika Amayi kumeneko. Komatu khomo la kumbuyo m'munsi mwake n'lopapatiza, chifukwa tayala ladya mbali ina ndipo mzati wa pakati wadya ina. Phazi limayenera kupotokola kuti lidutse pakati pa mzatiwo ndi mpando. Kutsogolo mpando umabwerera m'mbuyo mpaka kumapeto, chotsamira chimagonekedwa pang'ono, malo a miyendo n'kupezeka. Komabe uganizire mbali. Potsika, mwendo umene uli kuchitseko ndiwo umayamba kutuluka. Uwayese Bambo mbali zonse ziwiri, uone kumene mwendo wamphamvu ukuwathandiza bwino.

Kalowedwe tinachita kuphunzitsidwa. Salowetsa mwendo kaye ngati mmene timachitira ife. Amafulatira mpando mpaka kumbuyo kwa miyendo kuukhudze, n'kukhala, kenako kutembenuka miyendo yonse iwiri ili pamodzi. Apa m'pamene mipando ija yokwera m'mbali, yokumbatira munthu ngati mbale, imasanduka mdani, chifukwa ntchafu iyenera kukwera phiri lija potembenuka. Mpando wabwino kwa iwo ndi wosalala ndi wolimbirapo. Wofewa kwambiri umameza munthu. Wachikopa umaterera bwino potembenuka, wansalu umagwira zovala. Ife timayala jumbo ya pulasitiki pampando kuti atembenukirepo, koma timaichotsa tisananyamuke, chifukwa pomanga buleki akhoza kutsetsereka kunsi kwa lamba. Ndipo asamagwire chitseko podzuka, Mphatso, chitseko chimayenda. Amayi chinawathawa kamodzi, mwayi ndinali pafupi. Tinagula kachogwirira kena kamene amakalowetsa m'kachitsulo kopindika kaja ka pamzati, pamene loko wa chitseko amakola. Kamakwana m'chikwama, ndipo kameneko sikagwedera. Ukaone ngati kachitsulo ka galimoto ukufunayo kali pamtunda woti dzanja lawo lamphamvu lifikepo.

Tinamaliza ndi galimoto yapakatikati, yokwererapo pang'ono, mpando masentimita 61, pansi pake kusiyana ndi kachitunda masentimita 4 okha. Si yokongola. Limbani sakufuna n'kuiyang'ana komwe. Wogulitsa anatopa nafe chifukwa ndinawapempha Amayi kuti alowe ndi kutuluka katatu. Kachitatuko ndiko kamanena zoona, poti poyamba munthu amadzilimbitsa kuti asachititse manyazi ana ake. Ndinawayang'ana kumaso, osati kuwafunsa. Ukawafunsa adzati zili bwino, ndimo alili makolo athu. Ulendo wachitatu anatuluka okha, ndodo m'manja, osandiitana. Ndinayang'ana kumbali kuti asaone misozi. Sabata yatha ndi iwo amene anandifunsa kuti tipita liti kukaona Thoko.

Iwe uli kutali, ndipo ndikudziwa kuti galimotoyi ndi njira yako yokhalira nawo pafupi. Zimandipweteka kuti sungaime pambali pawo n'kuona wekha mmene akudzukira. Koma usasankhire pa zithunzi. Mutume Chikondi apite nawo, atenge tepi, ndipo aimike galimotoyo pamalo athyathyathya, chifukwa m'mphepete mwa msewu mokwera muja galimoto yaitali imaoneka yosavuta, yaifupi n'kukhala dzenje lenileni. Atengenso njinga yawo ya olumala ija. Mpando wa njinga zotere umakhala pafupifupi masentimita 50, ndiye ngati masiku ena Bambo saimirira bwino, amachita kusamuka kuchoka panjinga, mpando wa galimoto usatalikire kwambiri pamenepo, apo ayi Chikondi azichita kuwakweza. Miyezo yanga ya pantchafu ija ndi ya munthu woimirira. Akaipinde njingayo aiike yekha m'buti, popanda womuthandiza, chifukwa yachitsulo imalemera makilogalamu oposa 15 ndipo ndi iye azidzainyamula ulendo uliwonse. Buti ya mlomo wokwera imathyola msana wa wosamalira, ndiye odwala n'kukhala awiri.

Pepala landithera, ndikulemba m'mphepete. Panalinso za lamba, loti polumikizira pake pamzati pazikwera ndi kutsika kuti lidutse paphewa osati pakhosi, ndi kaloko kake ka pambali pa mpando kamene m'magalimoto ena kamabisala mwakuti munthu wa dzanja limodzi, monga Bambo ako, sangathe kuka

Amayi akuitana. Uyankhe msanga, ndipo unditumizire miyezoyo usanapereke kalikonse.

Ndine mnzako,
Chisomo