Malipiro a pa sabata kapena a pa mwezi: ndisankhe ati?

Alangizi athu,

Ndine bambo wa ana atatu, ndimagwira ntchito yowotcherera zitsulo pa shopu ina ku Ndirande. Ndimalandira K60,000 Lachisanu lililonse. Posachedwa kampani ina ya ku Makata yandiitana, ndipo m'kalata yawo alemba kuti malipiro ndi K3,000,000 pa chaka, kulandira pa kutha kwa mwezi. Akufuna yankho msanga, koma nkhaniyi yatisowetsa mtendere m'nyumba.

Mayi akunyumba akuti ndinyamuke osacheuka. Masamu awo ndi awa: K3,000,000 kugawa ndi miyezi 12 ndi K250,000 pa mwezi, pomwe K60,000 kuchulukitsa ndi masabata anayi ndi K240,000. Ndiye akuti ndikukanirira K10,000 yoonekeratu chifukwa chongozolowerana ndi anzanga a pa shopu.

Ine sindikugwirizana nawo pa masabata anayiwo. Mwezi ukanakhala wa masabata anayi, chaka chikanakhala ndi masabata 48 okha, chonsecho chili ndi 52. Masabata anayi ndi masiku 28, ndipo mwezi wa masiku 28 ndi Febuluwale yekha. Ina yonseyi imatsalako masiku awiri kapena atatu, ndipo masikuwo akaunjikana amakwana sabata yathunthu. Ndinatsitsa kalendala ya 2025 yomwe ikadali pakhoma n'kuwerenga ndi chala. Mu Januwale, Meyi, Ogasiti ndi Okutobala, Lachisanu linabwera kasanu. Miyezi imeneyo ndinalandira K300,000, osati K240,000. Mayiwa amaikumbukira ndithu miyeziyi, kungoti amaitcha "mwezi wa mwayi", ngati ndalamayo inatoledwa pamsewu.

Ndiye ndinaona kuti njira yachilungamo n'kuzifikitsa zonse pa chaka. K60,000 kuchulukitsa ndi 52 ikukwana K3,120,000, ndipo ndikaigawa ndi 12 ikubwera K260,000 pa mwezi. Ndikatembenuza, K3,000,000 ya kampani ija kugawa ndi 52 ikupereka pafupifupi K57,700 pa sabata. Apa ndiye kuti komwe ndili kukuposa ndi K120,000 pa chaka.

Ndisananyadire, mlamu wanga yemwe ndi kalaliki anandifunsa kuti, "Alamu, kodi masabata 52 onsewo mumalandiradi?" Funso lake linali m'malo. Pa Khirisimasi shopu imatsekedwa masabata awiri ndipo sitilandira kanthu. Atsala 50, ndipo K60,000 kuchulukitsa ndi 50 ndi K3,000,000 ndendende. Kupambana kuja kwathera pomwepo. Magetsi akavuta masiku angapo abwana amadulanso, pomwe wa pa mwezi amalandira yake yonse, kaya mwezi ndi wautali kaya ndi waufupi.

Chomwe chandikhumudwitsa ndi ichi. Abwana atamva kuti ndikufuna kuchoka anati andikonzera zinthu: azindipatsa K120,000 pa 15 ndi K120,000 ina pa kutha kwa mwezi, kuti ndizitha kulipira lendi mosavuta. Akuti palibe chasintha chifukwa ndi ya masabata awiriawiri. Koma kawiri pa mwezi ndi maulendo 24 pa chaka, pomwe kulandira masabata awiri aliwonse ndi maulendo 26. Maulendo 24 akupereka K2,880,000 basi. Ndikayerekeza ndi masabata 52, K240,000 yasowa, ndipo ngakhale ndiwerengere masabata 50 aja, ndikutayabe K120,000. Kodi achita dala kapena nawonso akuwerenga mwezi ngati masabata anayi? Ndi munthu amene anandiphunzitsa ntchito, sindikufuna kuwayankha mwachipongwe, koma sindingavomerenso zondibweza m'mbuyo. Ndiwauze bwanji?

Kwina komwe ndikufuna mundiunikire ndi pa zodula. K3,000,000 ija ndi ya pa pepala, asanachotse msonkho wa PAYE wopita ku MRA ndi 5 peresenti ya penshoni. Ya ku shopu ndimalandira m'manja momwemo. Mlamu akuti ndisaiwale kuti olemba ntchito amaikaponso 10 peresenti yawo ku penshoniko, ndipo ndalama imeneyo ndi yanga ngakhale sindiigwira lero. Nanga poyerekeza ndiziwerenga yofika m'thumba yokha, kapena ndiphatikize ya penshoniyo?

Mundithandizenso pa kasungidwe. Lendi ndi K70,000 ndipo eni nyumba amaifuna pa 1. Panopa ndimapatula K17,500 sabata iliyonse, ndipo Lachisanu lowonjezera lija ndi lomwe limalipira yunifolomu ndi mayeso a ana. Ndikapita kwa a pa mwezi sabata yapadera imeneyo kulibe, imakhala yamwazikana kale m'miyezi yonse 12. Ndizipatula zingati mwezi uliwonse kuti sukulu ikamatsegulidwa isandipeze chimanjamanja?

Ndine,
Wowotcherera zitsulo,
Ndirande, Blantyre